Zinsinsi za makasitomala zikagwera m'manja olakwika: mafunso ndi mayankho pa kuwadziwitsa msanga

Tsambali ndi la aliyense amene amasunga mayina, manambala a foni, makope a ziphaso, manambala a akaunti za kubanki kapena mbiri ya matenda a anthu ena chifukwa cha ntchito yake. Likunena za kalata yoyamba yodziwitsa anthuwo kuti zinsinsi zawo zagwera m'manja olakwika, imene imalembedwa mutu ukadali wotentha, ofufuza asanamalize ntchito yawo, pamene mukudziwa kuti chinachake chalakwika koma simunaone pamene chathera.

Sitinatsimikize kuti wakubayo watengadi kanthu. Kodi si bwino kuyamba tafufuza kaye mpaka tidziwe zonse?

Kufufuza kuyenera kuyamba nthawi yomweyo, koma kudziwitsa anthu kusadikire kuti kafukufukuyo athe. Chifukwa chake ndi ichi. Kalatayo ili ndi ntchito imodzi yaikulu, yomwe ndi kupatsa kasitomala mpata wodziteteza wakubayo asanamupeze. Munthu amene wauzidwa lero kuti nambala ya akaunti yake ndi kope ya chiphaso chake zili m'manja mwa anthu osadziwika, mawa akalandira foni ya munthu wodzitcha wa kubanki adzaidula n'kuimbira yekha banki yake. Amene sanauzidwe adzayankha mafunso onse mwaulemu, poti woimbayo akudziwa dzina lake lonse, tsiku lake lobadwa ndiponso dzina la ofesi yanu. Masiku onse amene inu mukudikira lipoti la akatswiri, wakubayo ndiye akudziwa zonse ndipo mwini wake sakudziwa kanthu.

Komanso nthawi zambiri chitsimikizo chimene anthu amadikiracho sichibwera n'komwe. Kaundula wa pa kompyuta angakusonyezeni kuti munthu wachilendo analowa mu akaunti tsiku lakuti, ola lakuti, koma osasonyeza kuti anatsegula mafayilo ati kapena anakopera ati. Ngati wakuba anali m'chipinda momwe munali mapepala, ndipo inu simungathe kusonyeza kuti sanawawerenge, chitani ngati anawawerenga. Mawu akuti "n'kutheka kuti zinthu zanu zaonedwa" si mawu ozemba ayi, bola akhale oona ndipo atsatidwe ndi kutchula zinthuzo.

Nanga "msanga" ndi masiku angati?

Malamulo amasiyana dziko ndi dziko, ndipo muyenera kuwerenga a kumene mukugwira ntchito komanso a kumene makasitomala anu amakhala. Koma pali nthawi ziwiri zimene anthu amazisokoneza.

Yoyamba ndi youza bungwe la boma loyang'anira chitetezo cha zinsinsi za anthu. Lamulo la mayiko a mu mgwirizano wa ku Ulaya lotchedwa GDPR, lomwe linayamba kugwira ntchito pa 25 Meyi 2018, limapereka maola 72 kuyambira pamene mwazindikira vutolo, kupatula ngati zikuonekeratu kuti anthu sangavulazidwe nalo. Maolawa sasiya kuwerengedwa Loweruka ndi Lamlungu. Lamulo lomwelo limalola kupereka zimene mukudziwa pang'onopang'ono, kutanthauza kuti ngakhale olemba lamulowo ankadziwa kuti pa tsiku lachitatu palibe amene amakhala atadziwa zonse.

Yachiwiri ndi youza eni ake a zinsinsizo. Apa GDPR sitchula maola. Imangoti ngati chiopsezo kwa anthuwo ndi chachikulu, auzidwe mosazengereza. Ku America, lamulo loteteza mbiri ya odwala lotchedwa HIPAA limati anthu auzidwe mosachedwa, ndipo pasapitirire masiku 60 vutolo litadziwika. Masiku 60 amenewa ndi malire otsiriza, si nthawi yoti muidikire ikwane.

Ine ndimauza anthu kuti nthawi yeniyeni aipeze podzifunsa kuti wakubayo angayambe liti kugwiritsa ntchito zimene watenga. Pasiwedi angaigwiritse ntchito ola lomwelo. Imelo yabodza yopempha ndalama angaitumize tsiku lomwelo. Kope ya chiphaso angaisunge miyezi, n'kudzatengera ngongole m'dzina la mwini wake patsogolo. Kumene kuli moto woyaka kale, pitaniko lero ndi foni, osadikira kalata.

Tafotokozani ndi chitsanzo mmene masiku oyambawa amayendera.

Tiyerekeze ofesi yaing'ono imene imathandiza anthu kulembetsa inshuwalansi, ili ndi makasitomala 600. Lachiwiri m'mawa kasitomala wina akuimba foni kufunsa chifukwa chake ofesiyo yasintha akaunti yolipirirako. Palibe amene wasintha akaunti. Koma imelo imene walandira yachokeradi pa adiresi ya mlembi wa mu ofesimo, ndipo ikuyankha nkhani yeniyeni imene awiriwo ankakambirana sabata yatha.

Woyang'anira makompyuta akutsegula kaundula wa olowa mu akaunti ya mlembiyo ndipo akupeza kuti kwa masiku 9 munthu wakhala akulowa kuchokera kudziko lina. Mlembiyo akukumbukira kuti tsiku limenelo analemba pasiwedi yake pa tsamba lina limene linkaoneka ngati la kampani ya imelo. M'makonzedwe a akauntiyo akupezanso lamulo limene mlembiyo sanaike, loti imelo iliyonse yobwera izitumizidwanso ku adiresi ina yakunja.

Choyamba ndi kutseka chitseko. Asinthe pasiwedi, atulutse zipangizo zonse zimene zalowa mu akauntiyo, aike njira yachiwiri yotsimikizira wolowa, ndipo achotse lamulo lija. Koma asanalichotse alijambule, ndipo akopere kaundula yense n'kumusunga pena, chifukwa makampani ambiri a imelo amasunga kaundulayu kwa nthawi yochepa chabe. Anthu ambiri pothamangira kuyeretsa amafufuta umboni umene akanadzauzira nawo makasitomala zoona. Alembenso ola limene anazindikira vutolo, poti maola 72 aja ayambira pamenepo ndipo atha Lachisanu m'mawa.

Kenako funso lovuta: ndani wakhudzidwa? Apa ndi pamene ambiri amalakwitsa. Amawerenga maimelo a masiku 9 okhawo. Koma munthu amene walowa mu akaunti amaona bokosi lonse, ndipo ngati mlembiyo wagwira ntchito zaka zinayi osafufuta kanthu, maimelo a zaka zinayi onsewo anali poyera. Ofesiyo ikufufuza m'bokosimo maimelo okhala ndi mafayilo, ikuyang'ananso otumizidwa ndi ofufutidwa, ndipo pofika madzulo yapeza magulu atatu. Anthu 12 atumiziridwa imelo yabodza yosintha akaunti. Anthu 140 anatumizapo makope a ziphaso kapena manambala a akaunti za kubanki. Otsalawo mayina awo ndi maadiresi a imelo ndi zimene zikupezeka.

Anthu 12 aja aimbiridwe foni Lachiwiri lomwelo, pa manambala amene ali m'mafayilo akale a ofesi, osati amene ali mu maimelo a masiku 9 apitawa. Ngati wina walipira kale, auzidwe kuti aimbire banki yake nthawi yomweyo, chifukwa mwayi wobweza ndalama umachepa ola ndi ola. Anthu 140 alandire kalata yawo Lachitatu, yotchula zenizeni zimene zinali m'bokosimo. Otsalawo alandire kalata yaifupi Lachinayi, yowachenjeza za maimelo abodza. Bungwe la boma lilandire lipoti loyamba Lachisanu lisanafike. Onani kuti pa nthawi yonseyi ofesiyo sikudziwa ngati wakubayo anakoperadi ziphaso zija, ndipo mwina sidzadziwa. Komabe aliyense wapatsidwa chenjezo logwirizana ndi kukula kwa ngozi yake.

Kalatayo ikhale ndi chiyani?

Iyankhe mafunso amene munthu amakhala nawo mumtima akangowerenga mzere woyamba: chachitika n'chiyani ndipo liti, zanga zimene zakhudzidwa ndi ziti, zingandibweretsere vuto lanji, inu mwachitapo chiyani, ine ndichite chiyani, ndipo ndifunse ndani. GDPR imafunanso zofanana ndi zimenezi, ndipo imanena kuti zilembedwe m'mawu omveka kwa munthu wamba. Kalata ya anthu 140 aja ingamveke motere:

"Okondedwa Bambo kapena Mayi, tikukulemberani kuti mudziwe kuti munthu wosaloledwa analowa mu akaunti ya imelo ya mmodzi wa antchito athu kwa masiku 9, ndipo tazindikira zimenezi dzulo Lachiwiri. Mu akauntiyo munali kope ya chiphaso chanu ndi nambala ya akaunti yanu ya kubanki, zimene munatitumizira polembetsa. Munalibe pasiwedi yanu kapena nambala yachinsinsi ya khadi lanu. Sitinathe kutsimikiza ngati munthuyo anakopera mapepala anuwo, choncho tikukupemphani kuti muchite ngati anawakopera.

"Iye angakuimbireni kapena kukulemberani ngati ndife kapena ngati ndi banki yanu, ndipo angakutchulireni zinthu zoona zokhudza inu kuti mumukhulupirire. Ife sitinasinthe akaunti yolipirirako. Sitidzakufunsani pasiwedi, nambala yachinsinsi kapena manambala amene amabwera pa foni yanu otsimikizira malipiro. Chonde dziwitsani banki yanu lero, ndipo muziona kayendedwe ka ndalama mu akaunti yanu.

"Akauntiyo taitseka kwa munthuyo, taika njira yachiwiri yotsimikizira olowa pa maakaunti a antchito onse, ndipo tikudziwitsa bungwe loyang'anira nkhanizi. Tikupepesa kwambiri, chifukwa munatipatsa mapepala anu kuti tiwasamale. Tidzakulemberaninso Lachitatu likudzali, kaya tapeza chatsopano kaya ayi. Mukafuna kulankhula nafe, imbani nambala yathu ya masiku onse imene ili pa mapepala anu a mgwirizano."

Mzere wotchula zimene munalibe ndi wofunika ngati wotchula zimene munali, chifukwa umachotsa mantha osafunikira. Koma muulembe pokhapokha mutaona ndi maso anu kuti ndi zoona.

Pali mawu amene tiyenera kuwapewa?

Alipo. Oyamba ndi akuti "palibe umboni wakuti zinthu zanu zagwiritsidwa ntchito molakwika". Mawuwa akhoza kukhala oona, koma ngati mulibe kaundula amene akanasonyeza umboniwo, ndiye kuti mukunena kuti simunaone kanthu pamene munali mumdima. Wowerenga amamva kuti ali bwino, n'kusiya kuchenjera. Mukafuna kuwalemba, onjezani zimene mwayang'ana ndi zimene simungathe kuona.

Achiwiri ndi ndime yoyamba yodzitama kuti kampani yanu imalemekeza kwambiri chitetezo cha makasitomala. Munthu wotanganidwa amawerenga mizere iwiri yoyamba, n'kuganiza kuti ndi kalata yotsatsa malonda. Nkhani yeniyeni ikhale pamutu pa kalatayo ndi mu chiganizo choyamba.

Pewaninso kutchula dzina la wantchito amene anapusitsidwa. Silithandiza kasitomala, ndipo antchito ena akaona mnzawo wayalutsidwa, tsiku lina akadzadina linki yolakwika adzabisa. Ndipo musalembe kuti "vutoli latha" pa tsiku lachiwiri. Chitseko mwatseka, koma zimene zinatuluka sizibwerera.

Tidziwitse makasitomala onse, kapena okhawo amene akhudzidwa?

Ngati mungathe kusiyanitsa bwinobwino, lemberani okhudzidwa, ndipo aliyense mumuuze zake. Kalata imodzi yopita kwa onse yonena kuti "zinthu monga dzina, chiphaso kapena mbiri ya matenda" imasiya munthu aliyense akudzifunsa kuti zake ndi ziti. Ngati simungathe kusiyanitsa m'masiku ochepa, lemberani onse amene angakhale m'gulumo, n'kudzachepetsa pambuyo.

Ilipo nthawi imene kalata singafunike. Laputopu ikabedwa koma zonse za m'kati mwake zinali zobisidwa mwa njira yoti sizingawerengeke popanda kiyi, ndipo kiyiyo sinabedwere limodzi, wakubayo wangopeza chitsulo. GDPR imavomereza zimenezi. Koma samalani: pasiwedi yolowera mu laputopu si chimodzimodzi ndi kubisa zonse za pa disiki. Ngati pali pasiwedi yokha, munthu angachotse disikiyo n'kuiwerenga pa kompyuta ina. Funsani woyang'anira makompyuta akusonyezeni umboni wakuti kubisako kunali koyatsidwa pa laputopu imeneyo, komanso ngati inabedwa yozima kapena yotsegula. Mukasankha kusalembera anthu, lembani chifukwa chake ndi kusunga, poti tsiku lina mudzafunsidwa.

Musangoyang'ananso kuchuluka kwa zinthu zotuluka. Dzina ndi adiresi ya imelo zimaoneka zazing'ono, koma ngati mndandandawo ndi wa odwala pa chipatala cha matenda ena ake, kapena wa anthu othawa nkhanza za m'banja, dzina lokhalo laulula zonse.

Titumize kudzera njira iti?

Gwiritsani ntchito njira imene kasitomala anazolowera kukumverani, bola isakhale imene yabedwayo. Ofesi ya mu chitsanzo chathu isatumize chenjezo kuchokera pa adiresi ya mlembi uja. Kwa amene ali pangozi yaikulu, foni ndiye yoyamba, kalata itsatire kuti pakhale cholembedwa. Ngati mulibe maadiresi odalirika a anthu ambiri, chidziwitso cha poyera pa webusaiti yanu kapena m'nyuzipepala chimaloledwa, koma chisalowe m'malo mwa kalata kwa amene mungathe kuwapeza.

Vuto lalikulu ndi lakuti kalata yochenjeza za akuba imafanana kwambiri ndi kalata ya akuba. Zonse zimati pachitika vuto ndipo chitanipo kanthu mwachangu. Choncho m'kalata yanu musaikemo linki yoti munthu adine n'kulemba pasiwedi. Muuzeni alembe yekha adiresi ya webusaiti yanu imene akuidziwa, kapena aimbe nambala imene ali nayo kale, ndipo ikani chidziwitso chomwecho pa tsamba loyamba la webusaitiyo kuti wokayika akatsimikizire. Kampani ya Equifax ya ku America itaberedwa mu 2017 inatsegula webusaiti yatsopano ya dzina lachilendo yoti anthu akaonere ngati akhudzidwa. Munthu wina anapanga webusaiti ya dzina lofanana nalo pofuna kusonyeza kuopsa kwake, ndipo antchito a kampaniyo eni ake anatumiza anthu ku webusaiti yabodzayo kangapo pa Twitter.

Chinanso, potumiza imelo imodzi kwa anthu ambiri, maadiresi awo asaonekere kwa anzawo. Kuwaika pa `To` kapena `Cc` m'malo mwa `Bcc` ndi kuululanso zinsinsi kachiwiri. Mu 2015 chipatala cha 56 Dean Street ku London chinatumiza kalata ya nkhani za HIV kwa anthu 781 maadiresi onse akuonekera, ndipo bungwe loyendetsa chipatalacho linalipitsidwa mapaundi 180,000 chaka chotsatira. Njira yabwino koposa ndi pulogalamu imene imatumizira munthu aliyense imelo yakeyake. Yesani kaye pa maadiresi awiri a mu ofesi, ndipo munthu wachiwiri aone musanadine.

Kodi makasitomala satithawa tikawauza?

Ena adzakwiya, ndipo ena akhoza kuchoka. Sindingakunamizeni kuti aliyense adzakuthokozani. Koma nkhani zotere sizibisika mpaka kalekale. Zimatuluka kudzera kwa wakuba amene akugulitsa mndandandawo, kwa banki imene yaona kuti oberedwa onse ali ndi ofesi imodzi, kapena kwa wantchito amene wasiya ntchito. Zikatuluka choncho, funso la kasitomala silikhalanso lakuti munaberedwa bwanji, limakhala lakuti munadziwa liti.

Kampani ya Uber inaberedwa zinsinsi za anthu 57 miliyoni mu 2016. M'malo mowauza, inapatsa akubawo madola 100,000 kuti afufute ndi kukhala chete, ndipo nkhaniyi inaululika mu Novembala 2017, patapita chaka. Mu 2018 kampaniyo inavomera kulipira madola 148 miliyoni ku maboma a zigawo za dziko la America, ndipo mu 2022 amene anali mkulu wa chitetezo pa kampaniyo, a Joe Sullivan, anapezeka olakwa m'khoti chifukwa cha kubisako. Chimene chinawafikitsa kukhoti si kuberedwako koma kubisa.

Wakubayo akuti tikamulipira afufuta zonse. Tikalipira, tiwauzebe anthu?

Inde. Lonjezo la wakuba simungalitsimikize, ndipo fayilo imakopeka kambirimbiri popanda kusiya chizindikiro. Munthu wosaloledwa waziona kale zinthuzo, ndipo chimenecho ndi chimene mukudziwitsa eni ake.

Nanga apolisi akatipempha kuti tiyambe tadikira?

Malamulo ena amalola kuchedwetsa chidziwitso ngati chingasokoneze kafukufuku wa apolisi. Pempho lotere libwere molembedwa, litchule kuti mudikire mpaka liti, ndipo mulisunge. Musalisokoneze ndi malangizo a munthu wa mu ofesi amene akungoopa manyazi. Ngakhale pa nthawi yodikirayo mungathe kuteteza anthu mwakachetechete, monga kuumiriza aliyense kusintha pasiwedi kapena kuimitsa malipiro okayikitsa.

Vuto lachitikira kampani ina imene imatisungira zinthu pa makompyuta ake. Woyenera kulemba ndani?

Kasitomala anapereka chiphaso chake kwa inu, ndipo mwina dzina la kampani inayo sanalimvepo. Kalata yochokera kwa mlendo adzaitenga ngati yabodza. Pansi pa GDPR, kampani yogwirira ena ntchito iyenera kukuuzani inu mosazengereza, ndipo udindo wouza boma ndi eni ake umakhala wa inu amene munasankha kutolera zinthuzo. Funsani kampaniyo mafunso anayi molemba: analowa liti, anatsekeredwa liti, mafayilo anu ati anali pamalopo, ndipo kaundula akusonyeza chiyani. Ikamazengereza, musadikire mpaka itakhutira yokha. Inu mukudziwa zimene munaipatsa kuti isunge, ndipo mungathe kuchenjeza anthu anu kuchokera pa zimenezo. M'kalatamo nenani kuti vuto lachitikira kampani imene imakugwirirani ntchito, koma kupepesa kukhale kwanu, poti munaisankha ndinu.

Kalata yapita. Tikonzekere chiyani?

Mafoni. Amayamba kulira patangopita mphindi zochepa, ndipo woyankha akakhala kuti sanauzidwe, adzanena kuti sakudziwa kanthu kapena kuti mwina ndi kalata yabodza, n'kugwetsa ntchito yonse. Antchito onse auzidwe kalatayo isanatuluke, apatsidwe kope yake ndi tsamba limodzi la zimene zikudziwika, zimene sizikudziwika ndi dzina la munthu wopititsako mafunso ovuta. Aloledwe kunena kuti "chimenecho sitinachidziwe, tidzakuyankhani pofika tsiku lakuti", kusiyana ndi kupeka yankho lotonthoza.

Woyankhayo asamalenso kuti woimba akhoza kukhala wakuba yemweyo, akudzitcha kasitomala. Mafunso akale otsimikizira munthu, monga tsiku lobadwa kapena nambala ya chiphaso, alibenso mphamvu ngati zinthu zimenezo ndi zimene zatuluka. Pempho lililonse losintha nambala ya foni, adiresi kapena akaunti yolandirira ndalama litsimikizidwe poimbira mwini wake pa nambala yakale.

Lembani foni iliyonse m'kaundula. Makasitomala atatu akanena kuti alandira meseji yachilendo yotchula nambala ya mgwirizano wawo, umenewo ndi umboni wakuti zinthuzo zinakoperedwadi ndipo zayamba kugwiritsidwa ntchito, ndipo ena onse ayenera kumva. Onaninso maimelo amene abwerera osafika. Munthu amene imelo yake yabwerera sanadziwitsidwe, ndipo afunika kumufuna pa foni kapena pa kalata ya papepala.

Tapeza kuti okhudzidwa ndi ambiri kuposa amene tinanena. Titani?

Zimenezi zimachitika kawirikawiri, ngakhale ku makampani aakulu. Yahoo inalengeza mu Disembala 2016 kuti maakaunti 1 biliyoni anaberedwa mu 2013, ndipo mu Okutobala 2017 inakonza kuti anali onse, 3 biliyoni. Equifax inayamba ndi anthu 143 miliyoni, chiwerengero n'kudzakwera kufika pafupifupi 147 miliyoni. N'chifukwa chake m'kalata yoyamba ndi bwino kulemba kuti "zimene tapeza pofika lero" ndi kuika tsiku, m'malo molumbira pa nambala.

Tibwerere ku ofesi ija. Sabata yotsatira ikupeza foda ina ya maimelo akale imene sinaione poyamba, momwe muli ziphaso za anthu enanso 35 amene analandira kalata yaifupi yonena kuti dzina ndi imelo zokha ndiye zakhudzidwa. Anthu amenewa anauzidwa zinthu zimene tsopano zapezeka kuti si zoona, choncho asangolandira kalata wamba yofotokoza pamene kafukufuku wafika. Alandire yawoyawo tsiku lomwelo, yoyamba ndi mawu akuti "tinakuuzani kuti chiphaso chanu sichinakhudzidwe, koma tapeza kuti chinali mu akauntiyo", kenako malangizo amene anzawo 140 analandira. Bungwe la boma lipatsidwenso chiwerengero chatsopano cha 175.

Ndipo Lachitatu lija limene munalonjeza likafika, lembani ngakhale mulibe chatsopano. Mizere itatu ndi yokwanira: zimene mwatsiriza kuyang'ana, zimene zatsala, ndi tsiku limene adzamvenso kuchokera kwa inu.